GALU ANAFA KALE, KOMA PA CITHUNZI ALI PAMBALI PA MBUYE WAKE

PALI pempho lina limene ojambula zithunzi m'matauni mwathu amalandira kucokera kwa anthu oweta agalu ndi amphaka. Munthu afika ku situdiyo ali ndi zithunzi ziwiri m'foni mwake, cina ca iye mwini ndi cina ca galu wake, ndipo afuna kuti awiriwo aonekere pamodzi pa cithunzi cimodzi copacika pa khoma. Nthawi zina cifukwa cake ncakuti galuyo ngwosakhazikika, sangakhale cete pamaso pa kamera. Koma kawirikawiri cifukwa cake ncacisoni: galuyo anafa, ndipo pa zaka zonse zimene analonda pakhomo panalibe amene anaganizapo zowajambula ali limodzi.

Nchito imeneyi imatheka, ndipo siyacilendo monga momwe ambiri aganizira. M'caka ca 1857 wojambula wina wa ku Mangalande, Oscar Rejlander, anapanga cithunzi cimodzi cacikulu polumikiza manegetivu oposa 30, ndipo Mfumukazi Victoria inagula cimodzi. M'caka cotsatira Henry Peach Robinson anacita cimodzimodzi ndi manegetivu asanu. Iwo anali kubvutika m'cipinda camdima, kuphimba mbali ina ya pepala pamene anali kuwalitsa mbali inzake. Lero kudula ndi kumata kumacitikira pa kompyuta, ndipo mnyamata aliyense wodziwa Photoshop kapena GIMP angathe kuika galu pambali pa munthu tiyi asanazizire.

Nanga ncifukwa ninji zithunzi zambiri zotere, ungoziona kamodzi, mtima ukana? Galu amaoneka ngati wopacikidwa m'malere, kapena ngati wodulidwa m'kalendala ndi kumatidwa ndi phala. Ambiri amaloza cala kadulidwe ka ubweya. Kunena zoona, bvuto lalikulu limakhala litacitika kale kompyuta isanayatsidwe, pakuti zithunzi ziwirizo zinajambulidwa ndi kamera zoima pa misinkhu yosiyana, dzuwa lili kosiyana. Kompyuta ingathe kusintha mtundu ndi kukula kwa cinthu, koma singathe kuzungulira galu kuti imuone kucokera kumene kamera sinaime.

WAMOYO NDIYE ATSATE WAKUFA

Tiyerekeze kuti mkulu wina wa ku Chipata wabweretsa cithunzi cimodzi cokha ca galu wake wofiirira, wa banga loyera pa khutu la kumanzere. Anajambula ndi mdzukulu wawo, ataimirira, foni ili pa cifuwa, galu ali ciimire pa bwalo pa mtunda wa mamita awiri. Cithunzi ca mkuluyo ndi ca paukwati, atabvala suti, cojambulidwa m'nyumba ndi kamera yolunjika ku nkhope.

Wojambula wanzeru ayamba ndi kukana cithunzi ca paukwatico, ngakhale mkuluyo acikonde cotani. Taonani cifukwa cake. Foni ya mdzukulu inali pa msinkhu wa pafupifupi mita imodzi ndi theka, pamene msana wa galu uli pa theka la mita. Motero kamera inali kuyang'ana galuyo cotsika, monga momwe munthu ayang'anira mwana wokwawa. Zizindikiro zake nzosabisika: msana wonse uoneka kucokera pamwamba, mutu uoneka waukulu, miyendo ioneka yaifupi, ndipo mapazi amene ali kutali ndi kamera akhala cokwera pa cithunzi kupambana amene ali pafupi. Ngati pali mbale yodyera pansi, kukamwa kwake kuoneka kotseguka ndithu, osati ngati kamzere. Tsono mukaika galu wotere pambali pa munthu wojambulidwa colunjika, maso a woona alandira mau awiri otsutsana. Munthu awauza kuti pansi mpoyala bwino, galu awauza kuti pansi mpotsetsereka. Ndico cifukwa cake galu amaoneka ngati ali kuterereka kutuluka m'cithunzi.

Popeza galu sangajambulidwenso, wojambulidwanso ndi mkuluyo, ndipo ajambulidwe motsata galu m'zonse. Kamera iime pa msinkhu womwewo wa mita imodzi ndi theka, iyang'ane cotsika, pa mtunda wofanana, ndipo ngati foni yomweyo ikalipo, nkwabwino kugwiritsa yomweyo, cifukwa diso la foni limakuza zinthu zapafupi mosiyana ndi diso lalitali la kamera ya mu situdiyo. Pa mtunda waufupi wotere munthu woimirira sangakwane bwino, mapazi ake adzaoneka aang'ono ngati a mwana. Cotero mkuluyo akhale pa kampando kakafupi, zimene ziyeneranso munthu wa msinkhu wawo, ndipo zibweretsa nkhope yawo pafupi ndi mutu wa galu.

Pamalo pamene galu adzaime paikidwe bokosi la msinkhu wa galuyo. Mwini adziwa pamene galu wake anali kulekeza akamtsamira pa mwendo, ndipo galu wa kumudzi wamkulu bwino amafika ca m'bondo, pafupifupi masentimita 50 kucokera pansi kufika pa phewa. Bokosilo ligwira nchito zitatu. Lionetsa kukula koyenera kwa galu, ligwetsa cithunzithunzi ceniceni pa dothi cimene wojambula adzatengerapo, ndiponso lipatsa mkuluyo poika dzanja ndi poyang'ana. Dzanja logona pa cinthu limaphwanyika pang'ono ndi kupinda zala mwa njira imene dzanja lolendewera m'mwamba silingathe kutsanzira. Koma dzanja pa msana wa galu ndi nchito yobvuta, pakuti zala ziyenera kulowa mu ubweya. Wophunzira kumene angacite bwino kusiya manja a mkuluyo pa maondo, galu aime pafupi osakhudzana.

Pali nzeru inanso imene ambiri saiganizira. Ngati cithunzi ca galu cili ndi malo okwanira pambali, nkwapafupi kubweretsa munthu kwa galu kusiyana ndi kupititsa galu kwa munthu. Jekete ndi buluku zili ndi malire osalala osabvuta kudula, pamene galu atsala pa dothi lake, ndi cithunzithunzi cake, ubweya wake wosakhudzidwa. Ndiponso mwini aona bwalo lomwe lija limene galu anali kugonapo.

DZUWA LA JUNI SI LA OKUTOBALA

Tibwere ku kuwala. Cinyanja cathu cinacenjera potcha cithunzi ndi cithunzithunzi maina apacibale, pakuti pa nchito iyi cacikulu ndi cithunzithunzi. Wojambula ayang'ane zinthu zitatu pa cithunzi ca galu: kumene cithunzithunzi cagwera, kutalika kwake, ndi malire ake ngati ali akuthwa kapena ofewa. Malire akuthwa atanthauza dzuwa loswa mtengo. Malire ofewa, kapena kusoweka kwa cithunzithunzi, kutanthauza mitambo kapena mthunzi wa pakhonde. Galu wa pa dzuwa sagwirizana ndi munthu wa mu mthunzi, ndipo palibe batani lokonza cimeneci mokhutiritsa.

Wina anganene kuti, popeza galu anajambulidwa masana, tijambule mkuluyo masana. Komatu masana a m'dziko lathu safanana caka conse. Ku Chipata, m'mwezi wa Juni, dzuwa la pakati pa usana limapendekera kumpoto, kotero kuti ndodo ya mita imodzi igwetsa cithunzithunzi ca pafupifupi masentimita 75 coloza kumwera. Kumapeto kwa Okutobala, ndiponso m'mwezi wa Febuluwale, dzuwa lomwelo limakhala paliwombo, ndipo cithunzithunzi cibisala kunsi kwa mapazi. Galu wa mu Juni ndi mkulu wa mu Okutobala, onse ojambulidwa pa ola limodzi, adzaoneka ngati ali pansi pa madzuwa awiri.

Motero cotsata si wochi ai, koma cithunzithunzi. Muimike bokosi lija padzuwa, mudikire kufikira cithunzithunzi cake citatalika molingana ndi ca galu, ndipo muzungulire pamodzi ndi kampando ndi kamera mpaka cigwere mbali yomweyo imene ca galu cagwera pa cithunzi. Ngati ca galu cagwera ku dzanja lamanja ndi kutsogolo pang'ono, ca bokosi cicite cimodzimodzi. M'maso mwa galu mulinso umboni: kadontho kowala kamene kaoneka m'diso kaloza kumene kuwala kunacokera, ndipo kayenera kukhala mbali imodzi ndi ka m'maso mwa munthu.

Apa mpamene pali msampha wogwira anthu ambiri. Wojambula akaona kuti kuwala kwa galu kucokera kumanzere pamene kwa munthu kucokera kumanja, amangotembenuza galuyo monga pa kalilole, ndipo kuwala kugwirizana pomwepo. Koma banga loyera lija la pa khutu la kumanzere tsopano lili pa khutu la kumanja. Mlendo sangaone kanthu, koma mwini, amene anasisita khutu limenelo zaka khumi, adzangoti cithunzi ncokongola koma galuyu si wanga, mwina osadziwa cimene camusokoneza. Kutembenuza munthu nako nkoopsa, cifukwa wochi isamukira ku dzanja lina, mabatani a jekete atsekera mbali ya zobvala za amai, ndipo malembo a pa malaya awerengeka cafutambuyo.

Zithunzi za usiku zojambulidwa ndi fulashi ndizo zobvuta koposa. Kuseri kwa diso la galu ndi la mphaka kuli kacikopa kobweza kuwala, kamene kawathandiza kuona mumdima, ndipo fulashi ikawomba maso awo amayaka mobiriwira ngati a cilombo. Maso otere angathe kupakidwanso, koma akhala maso a wojambula, osati a galuyo. Ngati m'banjamo muli cithunzi cina ca masana, ngakhale cosakongola, cisankhidwe cimeneco.

KODI CINGAKULE KUFIKA PATI?

Asanalonjeze felemu yaikulu, wojambula awerenge madontho. Cithunzi ca m'foni ndi timadontho tambirimbiri tochedwa mapikiselo, ndipo pepala losindikizidwa bwino lifuna madontho pafupifupi 120 pa sentimita iliyonse, amene osindikiza amawachula kuti 300 dpi. Cithunzi ca pa khoma, cimene anthu aciona ali patali pang'ono, cingapirire ngakhale theka la amenewo, koma kutsika kupyola apo ciyamba kuoneka ngati ca m'madzi.

Tibwerere kwa mkulu wathu. Pa pepala la A4, bokosi lija latenga masentimita 7.5, ndiye kuti galu afunika madontho 900 kucokera pansi kufika pa phewa kuti aoneke bwino kwambiri. Tinene kuti pa cithunzi ca mdzukulu galuyo ali ndi madontho 540 cabe. Kugawa 540 ndi 7.5 kupatsa 72 pa sentimita, ndipo zimenezi nzokwanira pa khoma. Koma mkuluyo akaumirira A3, imene m'litali ndi m'lifupi ikula pafupifupi kamodzi ndi theka, madonthowo atsika kufika ca m'ma 50, ndipo galu adzafwifwa pamene mbuye wake ali kuoneka tsitsi limodzilimodzi. Nkwabwino kuwauza zimenezi asanalipire.

Kawirikawiri madontho amatayika pa njira. Cithunzi cotumizidwa mwa masiku onse pa WhatsApp cimacepetsedwa, ndipo tsiku ndi ola limene cinajambulidwa zimafufutika. Mdzukulu afunefune coyambirira m'foni imene inajambula, acitumize posankha Document, kapena abwere nayo foniyo. Ngati cimene cilipo ndi ca papepala ca masiku a filimu, ciikidwe pa sikana pa 600 dpi. Kucijambula ndi foni cili pa tebulo kumaonjezera kunyezimira ndi kupendekeka.

UBWEYA, NDEBVU NDI MAPAZI

Tsopano ndiye kudula. Lamulo loyamba nlakuti cofufutira cisagwiritsidwe nchito. Mu Photoshop ndi mu GIMP momwe muli cida cochedwa Layer Mask, cimene cili ngati nsaru yophimba: pamene mwapaka zakuda pabisika, pamene mwapaka zoyera paonekanso. Mukalakwitsa ndi kudula nsonga ya khutu, muibweza ndi kupaka zoyera, pamene cofufutira cikadaitaya. Mu Photoshop, Select and Mask ithandiza kulekanitsa ubweya ndi zakumbuyo, ndipo icita bwino pamene galu wakuda waima patsogolo pa khoma loyera. Galu wofiirira pa dothi lofiira la katondo ndiye mutu waukulu, pakuti makina sadziwa polekezera galu ndi poyambira dothi, ndipo nchitoyo ibwerera ku dzanja. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kulakwa kuli pawiri. Wodula mothina kwambiri amameta galu, natsala ndi cinyama cosalala ngati coumba. Wodula motayirira amasiya kamzere ka zakumbuyo kozungulira thupi lonse, kamene kawala ngati ulusi galu akaikidwa pa malo akuda. Kamzere kameneka kamabisala pa kompyuta koma kamaonekera pa pepala, cotero pofuna kukagwira muike kaye nsaru yakuda bii kumbuyo kwa galu, kenaka yoyera mbee. Ndebvu ndi nsonga ya mcira siziduliridwa konse. Zimatayidwa, ndi kujambulidwanso ndi kaburashi ka dontho limodzi kapena awiri, potenga mtundu pa galu yemweyo ndi kutsata coyambirira.

Cimene cimaimika galu pansi ndi zithunzithunzi ziwiri, ndipo ambiri amakumbukira cimodzi cokha. Cacitali cija, cotsata dzuwa, citengedwe pa ca bokosi, koma cikhale ndi maonekedwe a galu, cakuda pafupi ndi mapazi ndi cofewa pamene citalikira. Cinzake ncacing'ono, koma ndico cacikulu pa nchito: kamdima kothina kamene kali pomwe phazi lapondana ndi dothi, kosapyola cala m'lifupi. Kamdima kameneka kaliko ngakhale tsiku la mitambo. Kakasoweka galu amayandama, ndipo kakacuruka amaoneka ngati waponda m'mafuta. Zonse ziwiri zipakidwe pa gawo lawolawo losankhidwa Multiply, kuti mcenga ndi timiyala zioneke kupyola mumdimamo, ndipo mtundu wake utengedwe pa cithunzithunzi ca kampando, cifukwa cithunzithunzi ceniceni sicikhala cakuda ngati makala. Ngati pali udzu kapena pfumbi, pang'ono pake paphimbe nsonga za zala za galu.

Mtundu nawo uli ndi umboni wake. Dothi lofiira limabweza kuwala kofiira pa mimba ndi kunsi kwa cibwano ca galu. Mukamuika pa kapinga wobiriwira wa munda wa maluwa wa ku Ulaya, monga ena amakondera, mimba yake idzakhala ikali kunena za ku Chipata. Ici ncifukwa cinanso cosiyira galu pa bwalo la kwawo. Cotsiriza ndi kulinganiza kuthwa kwa zithunzi ziwirizo, ndipo pano ojambula ambiri amawawidwa mtima, pakuti cabwino ndico ciyenera kutsika. Mkulu wojambulidwa ndi kamera yatsopano afewetsedwe pang'ono ndi kuwazidwa timadontho tofanana ndi ta cithunzi ca galu. Kunola galu mokakamiza kumangoturutsa mizere yoyera m'malire mwake.

Nchito ikaoneka ngati yatha, wojambula aicotse mitundu kuti ikhale yakuda ndi yoyera, pakuti pamenepo mbali yowala kapena yakuda mopambana inzake ionekera msanga. Aicepetsenso mpaka ikhale ngati sitampa, ndipo aionetse munthu amene sadziwa nkhani yake. Munthuyo akayamba ndi kuyang'ana mapazi a galu m'malo mwa nkhope, pali cimene catsala.

GALU AKAKHALA WAMOYO

Zonsezi zimapepuka kwambiri ciweto cikakhala camoyo koma cosamva. Kamera iimikidwe pa miyendo yake itatu ndipo isasunthidwe ngakhale pang'ono, kuwala ndi kutalika kwa diso lake zikhale zokhomera. Ayambe kujambulidwa ndi mwini, atakhala pa malo ake. Kenaka bwalo lijambulidwe lopanda munthu. Pomaliza galu kapena mphaka aikidwe pa cizindikiro cimene calembedwa pansi, wothandiza atagwira cingwe, ndipo ajambulidwe kambirimbiri pa liwiro la 1/500 kuti mutu ndi mcira zisacite cizirezire. Popeza dothi, msinkhu wa kamera ndi dzuwa nzimodzi, sipafunika kudula ubweya konse: zithunzi zisanjikizidwa, ndipo wothandiza ndi cingwe cake abisidwa pogwiritsa cija ca bwalo lopanda munthu. Zonse zicitike m'mphindi zowerengeka dzuwa lisanasunthe. Alimi ofuna kujambulidwa ndi ng'ombe yawo ya pa goli imene siikonda alendo angatsate njira yomweyi.

Pa nkhani ya ng'ombe pali cenjezo. Cithunzi columikiza ncokumbukira cabe, si umboni wakuti ciweto ndi ca uje, ndipo wojambula amene apemphedwa kuika munthu pambali pa ng'ombe imene ili pa mlandu kwa mfumu kapena ku khoti akane. Ncoyeneranso kulemba kuseri kwa felemu kuti cithunzico ncolumikiza, pamodzi ndi caka cimene galu anajambulidwa ndi caka cimene mwini anajambulidwa, kuti adzukulu a m'tsogolo asadzakangane za zaka zimene galuyo anakhala.

Mkulu wathu wa ku Chipata asanalipire zonse, aonetsedwe kacithunzi kakang'ono kosindikizidwa pa pepala, pakuti pepala limaturuka lakuda kupambana momwe kompyuta ionetsera, ndipo ubweya wofiirira umasanduka msanga wakuda. Ayang'ane banga la pa khutu, mtundu wa maso ndi kapindidwe ka mcira. Pobwerera kunyumba atenge felemu yake pamodzi ndi zithunzi ziwiri zoyambirira, zosakhudzidwa, zosungidwa pa kadi kapena m'foni ya mdzukulu.